Zaka Zake pa Pepala la Wina

Hotela ya Tres Ceibas itatsekedwa, mwini wake n'kukwera ndege osatsanzika ngakhale mlonda wapageti, Remigia Ayingono anabwerera kunyumba ku Ela Nguema ndi zinthu ziwiri basi: yunifolomu yothetheka m'khwapa ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zimene anakhetsa thukuta kumeneko. Analowa ntchito ali wochapa zofunda, anatuluka ali gobernanta, ndiye kuti mayi woyang'anira zipinda zonse, makiyi ali lende m'chiuno, atsikana makumi awiri akumumvera. Kalata ya umboni sanapatsidwe. Akanailemba ndani, ofesi ili yokhoma ndipo bwana ali kutsidya la nyanja?

Anakhala pakhomo chaka chathunthu. Amene sanakhalepo pa mitala sangadziwe kuwawa kwake kopempha ndalama ya sopo kwa mwamuna, iye n'kukuyankha kuti kafunse kwa mkazi mnzako. Choncho atamva kuti hotela yatsopano ya kumsewu wa kubwalo la ndege ikufuna gobernanta, mtima wake unadumpha. Malo anali amodzi okha, ndipo mu Malabo monse munalibe munthu amene ankaidziwa ntchitoyo kuposa iye. Koma pageti anamata chikalata chonena kuti osabwera ndi pakamwa, aliyense asiye kurikulumu, pepala lija lofotokoza mbiri ya munthu pa ntchito. Remigia Chisipanishi ankayankhula bwinobwino, cha mumsewu ndi cha m'makhonde a hotela, koma cholemba ankachiopa.

Amuna ake, a Fructuoso Ndong, ndiwo anali katswiri wa zimenezi. Anapuma ntchito ya ukalaliki m'boma, ndipo dera lonse linkabwera kwa iwo kudzalembetsa makalata. Ankayankhula Chisipanishi chotafuna lilime ngati anabadwira ku Salamanca, kwa eni chinenerocho, chonsecho ulendo wawo wautali kwambiri unathera ku Bata, m'dziko lawo lomweli. Chikwatirire Milagrosa, mkazi wamng'ono, anali asanakhalepo pansi ndi Remigia kupitirira nthawi yofunsa kumene kuli malaya awo. Iye anawapempha mwamantha, akuyembekezera kukalipiridwa.

"Lamulungu tikabwera ku Misa," anatero a Fructuoso. "Ubwere ndi mpando wako."

Lamulungu masana mvula inali kugwa monga igwera kwathu kuno, yosafunsa munthu. Anakhala pakhonde, kompyuta yakale ili pamiyendo pa bambowo, magalasi ali pansonga pa mphuno.

"Kurikulumu ili ngati nyumba, ili ndi zipinda," anayamba motero. "Choyamba Datos personales: dzina, tsiku lobadwa, foni, chithunzi. Chimenecho tidzamalizira. Kenako Experiencia laboral, ntchito zimene wagwira. Kenako Formación académica, sukulu. Kenako Idiomas, ziyankhulo. Pomaliza Referencias, anthu oti akuchitire umboni. Tiyambe ndi ntchito. Unkatani kuhotela kuja?"

"Ndinayamba ndi kuchapa, bambo."

"Ayi, ayi. Sitiyambira kumchira. Ntchito yomaliza ndiyo imakhala pamwamba, zakale zimatsikira pansi. Wowerenga alibe nthawi yokuperekeza kuchokera kumtsinje. Pomaliza unkatani?"

"Ndinkathandiza abwana kuona kuti zipinda zili bwino."

A Fructuoso anavula magalasi. "Kuthandiza! Ayudé! Mawu amenewo ndi a mwana wotumidwa kukagula machesi. Makiyi ankasunga ndani?"

"Ine."

"Wogawa ntchito m'mawa?"

"Ine ndemwe."

"Mtsikana watsopano akabwera osadziwa kuyala bedi?"

"Ndinkamuphunzitsa ndine."

"Ndiye bwanji ukudzichepetsa ngati uli pamaso pa apongozi? Apa timalemba supervisé, ndinayang'anira. Organicé, ndinakonza dongosolo. Formé, ndinaphunzitsa. Ntchito inatha, ndiye mawu akenso akhale otha, odula kamodzi ngati chikwanje. Osati yo lavaba, yo planchaba, ndinkachapa, ndinkasita, ngati ukusimba mavuto pamaliro. Ndipo yo ameneyo umutaye, aliyense akudziwa kuti pepalali ndi lako. Ukanakhala kuti ukugwirabe, tikanati superviso, organizo, n'kulemba actualidad, mpaka lero, pamalo pa chaka chomaliza. Koma iwe uli pakhomo."

Mawu omalizawo anabaya, koma Remigia sanawasunge. Anali atatengeka ndi zina. Amuna ake ankamufunsa mafunso, n'kumadikira yankho! Zipinda zinali zingati? Makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Lemba nambala, nambala siitsutsidwa. Nsalu zinkawerengedwa liti? Mankhwala ochapira ankaitanitsa ndani? Iye anamasuka, n'kusimba za sabata ya msonkhano waukulu pamene makina ochapira anafa hotela ili yodzaza, momwe anasonkhanitsira amayi a ku Campo Yaundé ndi mabeseni awo, n'kuchapa pamanja zofunda zonse popanda mlendo ndi mmodzi yemwe kudziwa. Anasimba akuseka, manja akuuluka. A Fructuoso anagogoda makiyi a kompyuta, nkhani yonseyo n'kuipanikiza mu mzere umodzi, kenako anamuwerengera. Coordiné, garanticé. Ndinalumikiza anthu, ndinaonetsetsa kuti ntchito isaime.

Remigia anagwira pakamwa. Sankadziwa kuti moyo wake ungamveke choncho.

"Werenganinso, bambo."

Anawerenganso. Anawapempha kachitatu, ndipo anawerenga mosanyinyirika. Mizereyo inamulowa m'mutu ngati pemphero la pa katekisimu, moti ankainena chamumtima akusenda chinangwa. Madzulo ake anaphika pepesup, msuzi wa nsomba yaikulu, tsabola wake wofikapo, n'kuwatumizira amuna ake ngakhale kuti sabata imeneyo inali ya kukhitchini kwa Milagrosa. Ndinena mosabisa, mayiyu anakondwa ngati mtsikana wofunsiridwa kumene. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umabwera m'mutu zinthu zitaonongeka kale.

Lolemba m'mawa anakalukitsa tsitsi, anabwereka bulauzi yoyera kwa mnzake wa kutchalitchi, n'kupita kukajambulitsa tizithunzi tating'ono tija tomata pakona ya pepala. Wojambula anamuuza kuti asamwetulire kwambiri, koma zinamukanika.

Atafika kunyumba anamva mawu a Milagrosa pabalaza, akuwerenga modukizadukiza.

"Su-per-vi-sé un equipo de veinte..."

"Kweza mawu! Ukunena ngati wabera munthu," anatero a Fructuoso.

Remigia anaima pakhomo, kamvulopu ka zithunzi kali m'manja. Patebulo panali pepala losindikizidwa bwino. Mizere yake yonse inalipo, zipinda makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, atsikana makumi awiri, sabata ya makina akufa. Koma pakona yakumwamba pankamwetulira nkhope yosalala ya Milagrosa, ndipo pansi pa Datos personales panali dzina lakuti Milagrosa Bindang.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Wabwera? Khala pansi. Ina ndakasiya kale kuhotela m'mawa uno, iyi ndi yoti aziphunzirira."

"Ndafunsa kuti ichi n'chiyani."

A Fructuoso anapumira m'mwamba ngati mphunzitsi wotopa ndi mwana wouma mutu. "Remigia, tiye tiganize ngati anthu akuluakulu. Pepala lako likafika, ayamba kuona chiyani? Chithunzi. Kenako chaka chobadwa. Kenako atsikira pa Formación académica n'kupeza pulayimale yosamaliza. Akuponya m'bini asanafike pa ntchito zako zokongolazo. Uyu ali ndi nkhope, ali ndi satifiketi ya sekondale, koma sanagwirepo ntchito. Iwe uli ndi ntchito, ulibe zinazo. Ndaphatikiza. Kurikulumu imodzi yamphamvu iposa ziwiri zopunduka."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri? Uyu anayamba ntchito ali ku pulayimale?"

"Ndadulako, ndasiya zisanu ndi zinayi. Zochapachapa zija ndataya, zinalibe ntchito."

Zinalibe ntchito. Zaka zimene mankhwala anamudya zikhadabo, zimene anachapa ali ndi pakati pa Mari Luz mpaka tsiku lomwe matenda anamuyamba. Anayang'ana pansi pa pepalalo. Pa Idiomas panali Chisipanishi, Chifang, Chipichi, ndi Chifalansa chapakatikati, chija Remigia anatola yekha kwa alendo a ku Gabon. Milagrosa Chifalansa ankadziwa bonjour yekha. Pa Referencias panali dzina limodzi: Don Fructuoso Ndong, kalaliki wopuma wa boma.

"Mwandibera," anatero Remigia.

"Kuba? Zaka zimenezo unazigwira uli m'nyumba ya ndani? Abale anga atapereka nsua kwanu ku Ebebiyín, malowolo athunthu osatsala kanthu, anatenga mkono umodzi n'kusiya winawo? Zaka zimenezo ndi za nyumba ino. Ndiziika pamene zibale zipatso. Malipiro akabwera, sudya nawo?"

Milagrosa ankakanda utoto wa pachikhadabo. Sanali munthu woipa mtima kwenikweni, koma anali wa anthu aja amene akapatsidwa chinthu safunsa kumene chachokera. Anadzutsa mutu n'kunena mofatsa, "Mama Remi, musadandaule. Ndikalowa ndidzakuitanani kochapira."

Remigia anatembenuka. Anatuluka, mvulopu ija ili yofinyika m'dzanja.

Masiku awiri sanadye bwino. Lachinayi anavalanso bulauzi yobwereka ija n'kupita kuseri kwa msika wa Semu, kumene kuli kanyumba ka makompyuta kolembera anthu makalata. Mwini wake, bambo wonenepa wa ku Annobón, anali ndi kurikulumu yokonzeratu imene ankangosintha dzina, ya woyendetsa galimoto, ya namwino, ya wophika, zonse mawu amodzimodzi.

"Ya gobernanta ndili nayo, mayi. Nenani dzina basi."

"Ayi. Mulembe zimene ndinene."

Anaima chilili n'kuyamba kulakatula. Experiencia laboral. Supervisé. Organicé. Formé. Coordiné. Sanaphonye ndi liwu limodzi, ndipo anabwezeramo zaka zake zonse, mpaka zochapa zija, pansi penipeni monga mwa dongosolo lake. Bamboyo anasiya kutafuna mtedza.

"Mayi, mwazitenga kuti zimenezi? Zili bwino zedi. Koma ngati alipo wina amene analemba zofanana, tisinthe mawu. Kulibe chimene mabwana amadana nacho ngati mapepala awiri amapasa."

"Musasinthe kanthu. Ndi anga mawuwa."

Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo ndani angamudzudzule? Munthu amene wamva mbiri yake ikunenedwa bwino kamodzi kokha pa moyo wake salola kuti wina aikhudze. Pa Referencias analembetsa kuti adzapereka akafunsidwa, poti onse amene akanamuchitira umboni anali amayi ochapa anzake, opanda maudindo. Anamata chithunzi chake chomwetulira chija ndi guluu, n'kukasiya pageti la hotela yekha.

Sabata yotsatira foni inalira kawiri m'nyumba imodzi. Onse awiri ankafunika ku ofesi yolemba anthu ntchito, tsiku limodzi, ola limodzi.

A Fructuoso sanakalipe. Anthu oopsa sakalipa. M'mawa wa tsikulo anavala suti yawo ya pamaliro ndi paukwati, anaimitsa takisi, n'kunena kuti awaperekeza. Anatenganso Mari Luz, mwana wamkazi wa Remigia wa zaka khumi ndi ziwiri, amene anayenera kukhala ali m'kalasi. Mwanayo anamukhazika kutsogolo, iwo n'kukhala kumbuyo pakati pa akazi awo. Galimoto itadutsa pamphambano, anapendekera kwa Remigia n'kuyankhula motsitsa, m'Chifang, ngati akumuuza za mtengo wa nsomba.

"Dzina langa lili pa pepala lija. Anthu a m'tauni muno amandidziwa. Ukakandichititsa manyazi mmenemo, usabwerere ku Ela Nguema. Ukwere sitima ya pamadzi, upite kwa alongo ako, akabweze nsua. Ana ukudziwa kuti ndi a mtundu wanga. Uyu pamodzi ndi mlongo wake Tobías atsala, Milagrosa awalera."

Remigia anayang'ana kumbuyo kwa mutu wa mwana wake. Malukidwe aja anali a manja ake, a dzulo lomweli, ndipo mzere umodzi unali wokhota chifukwa mwanayo ankangotembenuka kumufunsa mafunso. Alongo ake ankawadziwa bwino. Malowolo aja anakwatirira akazi awo kalekale, ndipo akanamubweza pa sitima yomweyo.

Ofesi inali yozizira kwambiri. Kuseri kwa tebulo kunali mayi Adoración Boriko, mzimayi wa imvi zosabisa, wooneka kuti wawerenga mabodza ambiri pa moyo wake ndipo anasiya kudabwa. Anaika mapepala awiri aja pambali ndi pambali.

"Khalani. Ndalandira makurikulumu ochuluka, ena oseketsa. Wina analemba kuti anayendetsapo sitima ya pamtunda, m'dziko lopanda njanji. Koma awa andigwira mtima. Hotela imodzi, udindo umodzi, zipinda zofanana, makina anafa sabata imodzi, ndipo nonse munawagonjetsa ndi mawu amodzimodzi. Adiresinso ndi imodzi. Ndinu ndani ndi ndani?"

"Ndi amayi aakulu kunyumba," anatero Milagrosa.

"Ndamva. Mitala." Mayi Adoración anagwedeza mutu. "Ndaimbira foni bambo amene ali pa Referencias. Akuti gobernanta anali wamng'onoyu, ndipo wamkulu anaba pepala patebulo. La wamng'ono linafikadi Lolemba, la wamkulu Lachinayi. Koma mwamuna wochitira umboni mkazi wake ine sindimuwerengera."

Anatembenukira kwa Remigia. Sanayang'ane nkhope, anayang'ana manja amene anali pamiyendo, zala zokhuthala, zikhadabo zosamera bwino, chipsera cha simbi padzanja lamanja. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi Ayingono, ndikuuzeni zoona. Ine sindikufuna chithunzi, chithunzi sichiyala bedi. Za sukulu ndingakambirane ndi azungu a pamwambapa, amandimvera. Ndikufuna munthu amene anachitadi zimene zalembedwa apazi. Mukandiuza kuti zaka izi ndi zanu, tipita limodzi pachipinda chapamwamba, mundionetse, ndipo Lolemba makiyi ndi anu. Ndiye ndifunsa kamodzi. Ndani wakopera mnzake?"

Ntchito ija inali pamenepo, patebulo, pafupi ngati kapu ya madzi. Remigia anaona makiyi m'chiuno mwake, anamva fungo la nsalu zotuluka kumene mu makina. Anatsegula pakamwa. Kuseri kwa mayi Adoración kunali zenera lalikulu loyang'ana kugeti, ndipo kunja kuja, pansi pa ambulera yakuda, a Fructuoso anali ataima, dzanja lili paphewa pa Mari Luz. Sankayang'ana n'komwe ku ofesiko. Ankamulozera mwanayo ndege imene inkatera.

"Ndine," anatero Remigia.

"Ndinu chiyani? Nenani zomveka."

"Ndine ndinakopera. Ndinaliona patebulo, ndinaliloweza."

"Simunakhalepo gobernanta ku Tres Ceibas?"

"Ayi."

"Simunayang'anirepo atsikana makumi awiri? Makina atafa, si inu munaitana amayi ndi mabeseni?"

Za mabeseni sizinalembedwe pa pepala lililonse. Nkhaniyo inayenda yokha m'mahotela a m'tauni, ndipo mayiyu anali ataimva. Remigia anamva misozi ikubwera, anaimeza.

"Ine ndinkangothandiza," anatero.

Mayi Adoración anatsamira kumpando. Pankhope pawo panadutsa chisoni, koma sichinakhalitse, chinasanduka mkwiyo wa munthu amene watambasula dzanja n'kulumidwa.

"Chabwino. Mwanena nokha, ndipo ndilemba momwemo. Mayi Bindang, mubwere Lolemba, tikuyesani miyezi itatu. Inu mayi Ayingono, ndinali ndi malo kochapira, koma lamulo la kampani silindilola kulemba munthu amene wavomera kuti anapereka mbiri yabodza. Dzina lanu likhala m'kompyuta. Musadzavutike kubweretsanso pepala kuno."

Anatenga kurikulumu ya Remigia, anamatula chithunzi chija ndi chikhadabo mosamala kuti chisang'ambike, n'kumupatsa. "Izi zimadula, mukagwiritse ntchito pena." Pepalalo analipinda pakati n'kuliponya m'bini ya pansi pa tebulo.

Anatuluka onse awiri. Khonde linali lalitali, la kapeti watsopano, ndipo mtsikana wina ankakankha ngolo ya zofunda, matawulo atawaika pansi pa nsalu zakuda. Remigia anaona cholakwacho, lilime linamuyabwa, koma anangodutsa. Atatsala pang'ono kufika pachitseko, Milagrosa anamugwira mkono. Dzanja lake linali lozizira, ndipo maso ake anali odzaza mantha enieni.

"Mama Remi, ine ndiye ndayamba kuopa. Lolemba ndi pafupi. Kodi m'mawa ndikafika, ndiyambe ndi chiyani? Nanga akandibweretsera nsalu yothimbirira vinyo, ndiziti chiyani?"

Kunja, Mari Luz anali atawaona ndipo ankagwedeza dzanja, akufunsa ndi maso ngati amayi ake apambana. Remigia anamugwedezera dzanja nayenso. Kenako anaika chithunzi chija m'chikwama n'kutseka zipi.

"Madzi ozizira," anatero. "Usayerekeze otentha, banga limakhazikika. Zinazo ndikakuuza kunyumba, ubwere ndi cholembera."